Aphunzitsi, masabata a pakalendala si onse ophunzitsira

Teremu yachiwiri ino, m'masukulu omwe ndayendera kuno ku Zomba, vuto lomwe ndikulipeza m'masikimu ndi limodzi lomwelo. Mphunzitsi watenga mitu ya m'silabasi, wawerenga masabata a pakalendala ya sukulu, n'kugawa mutu umodziumodzi mpaka sabata yotsekera. Sikimu yake ndi yaudongo, mizere yolemba ndi lula, aphunzitsi aakulu asainira n'kudindapo chidindo. Koma ukafunsa kuti mayeso alowa pati, kubwereza kuli sabata iti, nanga pa 15 Januwale ndi pa 3 Malichi ana aphunzira ndi yani, yankho palibe. Wina ndinamupeza atalemba phunziro latsopano la masamu pa tsiku lenileni la Chilembwe!

Kajambulidwe ka mizere ndi kalembedwe ka zizindikiro za kakhozedwe sindikambapo, munaphunzira kukoleji. Nkhani yanga ndi ya kuwerenga nthawi.

Tinene kuti teremu ili ndi masabata 13 ndipo masamu a Sitandade 6 ali ndi mapiriyodi 8 pa sabata. Pa pepala ndiye kuti muli ndi mapiriyodi 104. Tsopano yambani kuchotsera, kuchokera kumapeto. Sabata yotsekera ndi yochonga mapepala, kulemba malipoti ndi kulengeza zotsatira, palibe amene amaphunzitsa. Sabata imeneyi isanafike pali ya mayeso enieniwo, ndipo inanso ndi yobwereza. Apa mapiriyodi 24 apita musanagwire choko. Sabata yotsegulira nayo tonse tikuidziwa: ana amabwera mwa apo ndi apo, ena akadali kumunda kukabandira chimanga, omwe abwerawo akutchetcha udzu pabwalo. Mukaphunzitsa theka la sabatayo mwachita mwayi, choncho chotsaniponso 4.

Kenaka maholide. Tsiku la Chilembwe ndi la Ofera Dziko onse amagwera m'teremu imeneyi, ndipo likagwa Loweruka kapena Lamulungu tchuthi chimasunthira Lolemba. Musangowerenga kuti ndi masiku awiri, yang'anani pa ndandanda wa maphunziro wa kalasi yanu. Ngati masiku amenewo masamu amakhala ndi mapiriyodi awiri ophatikiza, mwataya 4. Mayeso ang'onoang'ono a m'kati mwa teremu, awiri okha pamodzi ndi kukonza zolakwa zake, adya enanso 4. Ndiye siyani sabata yathunthu yopanda mutu uliwonse, chifukwa ino ndi nyengo ya mvula. Mtsinje wa Likangala ukadzaza, ana a kutsidya sawoloka, ndipo kusukulu komwe makalasi ena amaphunzirira pansi pa mtengo mvula ya m'mawa imatseka sukulu osapempha chilolezo. Maliro a m'mudzi, misonkhano ya ku TDC, malungo a mphunzitsi mwiniwake, zonsezi zimadya pomwepo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adatseketsa sukulu m'maboma a kuno kummwera, ndipo ngakhale zotere sizichitika chaka chilichonse, masiku angapo otayika ndiye samalephera.

Mukaphatikiza zonse mwachotsa mapiriyodi 44. Otsala ndi 60. Mphunzitsi amene wagawa ntchito yake pa 104 wadzilonjeza nthawi yomwe alibe, ndipo kusiyanako ndi masabata asanu ndi theka.

Chomwe chimandiwawa n'choti ntchito yotsalayo siitayika mwachisawawa. Imatayika kumchira kwa silabasi, ndipo popeza mitu timaitsata m'ndondomeko yomweyo chaka ndi chaka, mitu yomwe imasiyidwa imakhala yomweyomweyo. Mphunzitsi wa Sitandade 7 amayamba poganiza kuti ana adaphunzira, mphunzitsi wa Sitandade 8 amadabwa kuti ana sakudziwa kupeza malo a lekitango, n'kuyamba makalasi a m'mamawa ndi a Loweruka kuti akwirire dzenje lomwe lidakumbidwa zaka ziwiri zapitazo. A MANEB ali konkuno ku Zomba, koma pokonza mayeso safunsa kuti kusukulu kwanu mudalekezera pati.

Ena akaona kuti nthawi yawathera amathamanga. Mitu itatu pa sabata imodzi, zolemba zodzadza bolodi, ana kumangokopera. Bambo wina wolima mpunga cha kunyanja ya Chilwa, yemwe ali mukomiti ya sukulu, adandiimitsa tikutuluka mumsonkhano n'kundionetsa kope la mwana wake. “Taonani alangizi, miyezi iwiri yonse mwanayu walemba masamba owerengeka, koma masabata awiri omalizawa ndamugulira kope lina. Ine ndikachedwa kuwokera, sindithira mbande zonse pa ndime imodzi kuti ndimalize msanga, chifukwa sizibereka.” Anapitiriza kudandaula za mtengo wa makope ndi wa feteleza, koma pa kope paja sananame. Mwanayo anali atakopera bwinobwino mafulakishoni ndi madesimo, koma nditamupatsa samu imodzi yophweka anangoluma cholembera.

Umu ndi momwe ndimagwirira sikimu yonama. Sindiyamba ndi sikimuyo, ndimayamba ndi makope a ana atatu kapena anayi, n'kuyerekeza madeti ake ndi zomwe zalembedwa kumbali ya ntchito yomwe yagwiridwa. Ngati mbali imeneyo ikunena kuti zonse zaphunzitsidwa sabata iliyonse, popanda ndi pamodzi pomwe palembedwa kuti phunziro lalephereka kapena libwerezedwe, ndimadziwa kuti yadzazidwa usiku umodzi atamva kuti alangizi akubwera. Kalasi ya ana oposa zana siyenda mosalala chotero.

Ndipo chizolowezi chokopera sikimu ya chaka chatha, kaya yogula kwa mnzanu wa sukulu ina, chitheretu. Ndatopa nacho. Pasaka sakhala pa deti limodzi, chaka china amagwa mu Malichi, china mu Epulo. Idi yotsiriza kusala kwa Ramadani imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndipo kumadera komwe kuli Asilamu ambiri, monga mbali za Domasi ndi Malosa, imakhudza kabweredwe ka ana kuposa tsiku limodzi la tchuthilo. Tchuthi chomwe chaka chatha chidagwa tsiku lopanda masamu, chaka chino chikhoza kugwa tsiku la mapiriyodi awiri. Sikimu yokopera imabwera ndi masabata a chaka china, mwinanso ndi ndandanda wa sukulu ina.

Chochita n'chachidule. Musanalembe mutu uliwonse, lembani madeti a masabata onse, mudule amayeso, obwereza ndi otsekera, muike maholide pamalo pake, ndipo sabata yopanda mutu ija muyiike chapakati kapena kutsogolo pang'ono, osati kumapeto komwe ingamezedwe ndi kubwereza. Mapiriyodi otsalawo ndiwo mugawe, koma osati mofanana: mafulakishoni angafune 12 pomwe mutu wobwereza za Sitandade 5 ungakwane ndi 3, ndipo buku la mphunzitsi la ku MIE likuthandizani kuona kulemera kwa mutu uliwonse. Ngati mitu ikukana kukwana, kambiranani ndi mkulu wa gawo lanu sabata yoyamba yomweyo kuti mugwirizane womwe upite teremu yachitatu, ndipo zilembedwe. Lachisanu lililonse dzazani zomwe mwaphunzitsadi, zotsala muzisunthire kutsogolo ndi pensulo. Amene muli kale m'mbuyo teremu ino, werengani lero mapiriyodi omwe akutsalirani, musankhe mitu yomwe ina imatsamirapo, yotsalayo muilembe poyera kuti sinaphunzitsidwe.