Momwe mungagwirire chinyengo cha tchati chodulidwa pansi

Tchati cha mizati chimatha kusocheretsa anthu ngakhale manambala onse olembedwapo ali oona. Njira yofala kwambiri ndi kuchidula pansi, kuti mizati isayambire pa ziro. Titsatira nkhani ya mtsikana wa Giredi 11 amene anagwira chinyengo chotere pa msonkhano wa m'dera kuno ku Joni. Nkhaniyi ndi chitsanzo ndipo manambala ake ndi oyerekeza, koma njira yake mungaigwiritse ntchito pa tchati chilichonse chobwera pa WhatsApp kapena pa pepala la kampeni.

Mtsikanayu anaperekeza mayi ake ku holo ya m'dera, cha ku Rosettenville. Wandale wina anaonetsa pakhoma mizati iwiri ya milandu yothyola nyumba. Mzati wa chaka chatha unali wautali, wa chaka chino unali kachitsa chabe. Anthu anawomba m'manja. Mtsikanayo anajambula tchaticho pa foni, n'kunong'oneza mayi ake kuti, "Amayi, taonani pansipa. Sanayambire pa ziro, ayambira pa 420."

Choyamba: yang'anani pansi, kumanzere

Musanayang'ane kutalika kwa mizati, pezani mzere woimirira umene uli ndi manambala, ndipo werengani nambala ya pansi penipeni. Pa tchati cha mizati nambalayo iyenera kukhala 0. Chifukwa chake n'chakuti diso limawerenga mzati ndi kutalika kwake: mzati ukatalika kawiri kuposa unzake, maganizo amangoti chiwerengero nacho chachuluka kawiri. Zimenezi zimakhala zoona pokhapokha mizati yonse itayambira pa ziro.

Nthawi zina pansipo pamakhala kamzere kokhotakhota kosonyeza kuti mbali ina yadumphidwa. Wojambula wotero wakuchenjezani, komabe kutalika kwa mizatiyo musakukhulupirire. Ngati mzere wa manambala palibiretu, kayikirani kwambiri, ndipo pitani ku sitepe yotsatirayi.

Chachiwiri: yezani ndi rula

Jambulani tchaticho mutaima moyang'anizana nacho, osati cham'mbali, chifukwa chithunzi chopendekeka chimatalikitsa mzati umene uli pafupi nanu. Kenako yezani mizati yonse iwiri pa chithunzi chimodzimodzi, osakulitsa kapena kuchepetsa chithunzicho muli pakati poyeza.

Mtsikana uja atafika kunyumba anatsegula chithunzicho pa kompyuta n'kuyeza. Mzati woyamba unali masentimita 9, wachiwiri masentimita 3. Kwa diso, milandu yatsika ndi magawo awiri mwa atatu, pafupifupi 67 peresenti. Koma timanambala tolembedwa pamwamba pa mizatiyo tinali 480 ndi 440. Apa m'pamene pali nkhani yonse. Popeza tchaticho chinayambira pa 420, mzati woyamba unkangoonetsa 60 wotsala pamwamba pa 420, ndipo wachiwiri unkaonetsa 20. Zoonadi 20 ndi gawo limodzi mwa atatu a 60, koma milandu 420 ya chaka chilichonse inali itakwiriridwa pansi pa mzere, osaoneka.

Chachitatu: werengerani nokha kusinthako

Chotsani nambala yatsopano pa yakale, gawani yankholo ndi nambala yakale, kenako chulukitsani ndi 100.

```
(480 - 440) ÷ 480 × 100 = 8.3
```

Milandu inatsika ndi 8.3 peresenti, osati 67. Ophunzira ambiri amalakwitsa pogawa ndi nambala yatsopano, n'kupeza 9.1. Kumbukirani kuti funso ndi lakuti zasintha motani kuchokera pamene zinali, choncho yogawira ndi nambala yakale nthawi zonse.

Kutsika kwa 8.3 peresenti si kwachabe ayi. Ngati kubako kunachepadi, ndi nyumba 40 zimene sizinathyoledwe, ndipo mabanja amenewo anagona mwamtendere. Wandaleyo akanatha kunena zimenezo mosabisa. Cholakwa chake n'chakuti chithunzi chake chinakuza kutsikako pafupifupi kasanu ndi katatu.

Chachinayi: jambulaninso kuyambira pa ziro

Iyi ndiyo sitepe imene imakhutiritsa ngakhale agogo amene safuna kumva za maperesenti. Tengani pepala la timabokosi kapena tsamba la kope wamba. Siyani mzati woyamba pa masentimita 9 omwe aja, kuti uimire 480. Wachiwiri mumaupeza motere:

```
9 × 440 ÷ 480 = 8.25
```

Mizatiyo tsopano yasiyana ndi gawo losakwana sentimita imodzi. Ikani chojambula chanucho pambali pa cha wandale, ndipo aliyense aona yekha.

Pa kompyuta, mu Excel, dinani manambala a kumanzerewo ndi batani lakumanja la mbewa, sankhani Format Axis, ndipo pa Minimum lembani 0. Dziwaninso kuti manambala akayandikana kwambiri, monga 440 ndi 480, pulogalamuyi imatha kudula pansi yokha popanda munthu kuiuza. N'chifukwa chake si bwino kufulumira kutchula munthu kuti ndi wabodza. Mwina wothandiza mu ofesi ndiye anapanga tchaticho osayang'anitsitsa. Komabe amene waima nacho pamaso pa anthu ndiye ayenera kuyankha.

Chachisanu: funsani za nthawi ndi gwero

Mukathana ndi mizati, werengani mawu a pansi pake. Kodi yonse iwiri ikuimira nthawi yofanana? Chaka chathunthu sichingayerekezedwe ndi miyezi isanu ndi inayi. Apolisi a SAPS amatulutsa ziwerengero za milandu pa miyezi itatu iliyonse, ndipo chaka chawo chimayamba mu Epulo n'kutha mu Malichi. Poyerekeza, tengani miyezi yomweyo ya chaka cham'mbuyo, mwachitsanzo Okutobala mpaka Disembala ndi Okutobala mpaka Disembala, chifukwa milandu ina imakwera ndi kutsika motsatira nyengo.

Ziwerengero za SAPS zimaperekedwa potengera siteshoni ya polisi, ndipo malire a siteshoni safanana ndi malire a wodi ya khansala. Wina akati "mu wodi mwathu", mufunseni kuti watenga za siteshoni iti. Ndiponso ziwerengerozi ndi za milandu imene inakanenedwa kupolisi yokha. Tonse tikudziwa abale athu amene amaberedwa koma osapita kukanena, ena chifukwa cha nkhawa ya mapepala, ena chifukwa chotaya mtima. Nambala ikhoza kutsika chifukwa anthu asiya kukanena, osati chifukwa akuba achepa.

Pa msonkhano, funso lalifupi ndi laulemu ndilo limagwira ntchito. Mtsikana uja akanatha kuimirira n'kunena kuti, "Bwana, tchatichi chayambira pa 420. Kodi mungationetse mmene chingaonekere chitayambira pa ziro, komanso kumene manambalawa achokera?"

Lamulo la ziro lili ndi malire

Lamuloli ndi la mizati. Tchati cha mzere, monga chosonyeza mphamvu ya randi poyerekeza ndi dola, chimaloledwa kuyambira pamwamba, chifukwa chimene mukutsata ndi kukwera ndi kutsika kwa mzerewo, ndipo kusintha kwa masenti 50 n'kwakukulu kwa munthu wotumiza ndalama kumudzi. Mukachiyambitsa pa ziro mzerewo ungogona, osaonetsa kanthu. Pa tchati chotere, onani ngati manambala a kumanzere akudumpha mofanana, monga 17, 18, 19, ndiponso ngati zaka za pansi zikutsatana popanda china chodumphidwa. Zaka zikalembedwa 2019, 2020, kenako 2023 pa mipata yofanana, kusintha kwa zaka zitatu kumaoneka ngati kwa chaka chimodzi, ndipo mzerewo umatsetsereka kuposa mmene uyenera.