Momwe mungalembere kalata yofunsa chomwe inshulansi ya shopu yakwerera

Pepala la inshulansi la chaka chatsopano likabwera ndi mtengo wokwera, tulutsani polise, chikalata cha mgwirizano wa inshulansi, ya chaka chatha muziike pamodzi pa kauntala. Ndalama yomwe mumalipira imachokera pa zinthu ziwiri: mtengo wa katundu womwe unalembedwa, ndi peresenti yomwe kampani imadula pa mtengowo. Kalata yanu izifunsa kuti chasuntha ndi chiti.

Tiyerekeze hadiweya yolembetsa katundu wa K20 miliyoni pa 0.5 peresenti. Chaka chatha inalipira K100,000, pano akuti K180,000. Ngati mtengo wa katundu aukweza kufika pa K30 miliyoni, zomwe sizachilendo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masamu akupereka K150,000. K30,000 yotsalayo ikutanthauza kuti peresenti yafika pa 0.6, ndipo funso lanu lagona pamenepo.

Pamwamba lembani nambala ya polise ndi tsiku lomwe ikutha. Kenako mawu ochepa: "Wokondedwa Bwana, chaka chatha ndinalipira K100,000, pano mwandiuza K180,000. Chonde ndilembereni mtengo wa katundu ndi peresenti ya zaka ziwirizi, misonkho payokha, komanso ngati kukweraku kwadza chifukwa cha chipukuta misozi chomwe ndinapemphapo." Ngati simunapemphepo, nenani. Ngati munaika zitsulo m'mawindo, mlonda wausiku kapena zozimitsira moto, tchulani ndipo muphatikize malisiti.

Pomwe pamavuta ndi pokapereka. Kalata yanga ndinapatsira ejenti wina amene ankazungulira m'mashopu, ndipo inathera m'chikwama chake. Ndikamuimbira ankangoti "abwana, ikuyenda", kufikira polise inatha, shopu n'kumagona yopanda chitetezo simenti ili yodzaza mpaka kudenga. Pitani nayo nokha ku ofesi, makope awiri, imodzi akudindireni chidindo cha tsiku mubwerere nayo. Mukatumiza pa imelo, pemphani ayankhe kuti alandira. Mulembemonso tsiku lomwe mukufuna yankho, polise isanathe, ndipo mupemphe kuti akafuna kuchedwa akulembereni kuti chitetezo chikupitirira. Lonjezo la pafoni silidzalipira moto. Ejenti wofuna ndalama pamanja wopanda lisiti ya kampani, muthaweni.

Ena amatsitsa mtengo wa katundu kuti alipire zochepa. Katundu wa K30 miliyoni mukamulembetsa K20 miliyoni, moto n'kuwononga wa K9 miliyoni, mapolise ambiri amalipira K6 miliyoni basi.

Yankho likabwera, tengani makotesheni kwina muyerekeze, mukuyang'ananso gawo lomwe mumalipira nokha ngozi ikachitika. Akangokhala chete, kadandauleni ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira makampani a inshulansi, mutanyamula kope yodindidwa ija.