Bulafu ya pa khadi lomaliza: kodi nkhani yanu ikumveka?

Musanayambe bulafu mu masewera a makhadi a pokala, kutanthauza kubetcha ngati muli ndi makhadi abwino pomwe mulibe kuti mnzanu ataye ake, dzifunseni kuti ndi makhadi ati enieni amene mukunamizira kuti muli nawo, ndiponso ngati mwawasewera ngati munthu amene ali nawodi.

Tinene kuti munakweza ndalama makhadi apakati asanatsegulidwe, m'manja muli ndi Q ndi J, ndipo munthu mmodzi wakutsatirani. Patebulo patseguka K, 10, 4. Mwabetcha, watsatira. Pagwa 2, mwabetchanso, watsatiranso. Lomaliza ndi 7, simunagwire kanthu. Apa bodza lanu lili ndi miyendo, chifukwa amene ali ndi A ndi K akanasewera chimodzimodzi kuyambira poyamba, ndipo mnzanu amene ali ndi 10 angataye makhadi ake. Koma mukanakhala chete maulendo awiri aja, n'kudzaponya ndalama zambiri pa 7, wosewera watcheru akanadabwa kuti 7 wakuthandizani chiyani.

Kukula kwa ndalamako kufanane ndi mmene mumabetchera mukakhala ndi makhadi abwino. Ngati pakati pali 100 inu n'kuika 75, bulafuyo iyenera kutheka maulendo oposa 43 pa 100 kuti ipindule. Mukaika 20, mnzanu aona kuti n'zotchipa, atsatira.

Ndipo munthu amene sataya makhadi, uja wotsatira chilichonse, musamunamize n'komwe. Ameneyo mudikireni mpaka mutagwira makhadi enieni.