Foni ikamasulira mawu awiri okha, musamange chikwama

Abale amene muli ku Joni, ndi inu amene mukusonkhanitsa ya basi kuno ku Mchinji, ndikufuna tikambe za womasulira wa pa foni uja. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, ndipo lero aliyense amaidalira poyankha bwana, polemba fomu, ngakhale pokangana ndi landilodi. Kagwiritsidwe kake sinditaya nako nthawi: musankhe zinenero ziwiri, mulembe, muwerenge. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kalata yaitali imatuluka bwinoko. Pamene imapweteketsa anthu ndi pa timawu tiwiri titatu, tomwe timaoneka ngati tosavuta.

Makinawa amasankha tanthauzo poyang'ana mawu oyandikana nawo. Mukalemba kuti "mtengo" basi, adziwa bwanji ngati mukunena wa mango kapena wa thumba la feteleza? Sadziwa. Koma sakuuzani kuti akukayika. Amangotola tanthauzo lomwe anakumana nalo kawirikawiri, n'kukupatsani molimba mtima.

Ine zinandionekera kudzera mwa ejenti wina wa pa boma pano, wa kaofesi kokhala ndi makina a fotokope ndi mipando iwiri. Anandipezera ntchito yosamalira maluwa pa nyumba ina ku Joni, ndipo amene ankalemberana ndi abwanawo anali iyeyo, poti amati Chingerezi ndi chake. Ndinamupatsa ndalama ya mtedza wa chaka chonse. Funso langa linali limodzi: kodi malo ogona alipo? Iye anafunsa, yankho linabwera ine ndili pomwepo, mawu awiri: "Live out". Ndinamuona akukanda foni, kenaka anandionetsa pomwe panalembedwa kuti "Khalani kunja". Anaseka n'kunena kuti, "Mwaona achimwene? Mukakhala m'kanyumba kakunja, kuseri kwa nyumba yaikulu. Azungu amatero. Lendi palibe."

Ndinadutsa Tete, Nyamapanda, Beitbridge ndili ndi mtima pansi. Nditafika, abwana aja anandionetsa dimba, wilibala ndi geti, n'kundifunsa kuti ndapeza malo kuti. Pa ntchito za pakhomo ku South Africa, mawu ajawa amatanthauza kuti wantchito azigona kwake, azibwera m'mawa n'kuweruka madzulo. Amene amagona pa nyumba ya abwana amamulembera "live in" kapena "stay in". Mwana aliyense wa kumeneko amadziwa zimenezi. Ndinagona pa benchi ku Park Station mpaka mnyamata wina wa ku Kapiri anandimvera chisoni, ndipo pafupifupi theka la malipiro linkathera lendi ndi thiransipoti, zomwe sindinaziwerengere pochoka kuno.

Nditamuimbira ejenti uja, mukudziwa chimene anayankha? Akuti, "Inenso ndinangowerenga zimene foni inanena." Ndiye ndalama ija ndinalipira yachiyani? Foni ndinali nayo m'thumba! Mpaka lero kaofesi kaja n'kotsegula, anyamata a ku Kamwendo ndi ku Mkanda akulowabe. Ejenti akakuuzani kuti "abwana akuti chakuti", muuzeni akutumizireni uthengawo momwe unabwerera, m'Chingerezi chake. Akakana, nyamukani.

Tsopano onani momwe bodza lija likanagwidwira pa mphindi ziwiri. Poyamba mutenge zomwe foni yamasulira, muzibweze ku Chingerezi. "Khalani kunja" imabwerera ngati "Stay outside", ndipo zikusiyana ndi zomwe abwana analemba. Zikasiyana chonchi, imani kaye. Koma musasangalale zikafanana, chifukwa makina amatha kulakwitsa popita n'kulakwitsa chimodzimodzi pobwerera. Kubweza kumagwira zolakwika zina, osati zonse.

Njira yamphamvu ndi kutalikitsa. Mawu awiri aja muwaike m'chiganizo chathunthu chonena za nkhani yanu, monga "The gardener will live out", muone ngati tanthauzo lasuntha. Likasuntha, kapena likatuluka lopanda mutu, ndiye kuti mawuwo ali ndi tanthauzo lapadera lomwe makina sakulidziwa. Apo musalimbane nawonso. Funsani mwini wake funso loti ayankhe eya kapena ayi, lotchula chinthu chenichenicho: kodi mundipatsa chipinda chogona pa nyumba panu? Yankho la funso lotere silisokonekera.

Palinso chizindikiro china chomwe sichifuna sukulu. Mwafunsa za malo ogona, foni ikukulamulani kuti khalani kunja. Kodi munthu angayankhe choncho? Yankho likamveka ngati lamulo pamene inu munafunsa funso, kapena ngati likukamba nkhani ina, vuto lili ndi makina. Chimodzimodzi ndi liwu loti "Fine". Pa uthenga wa bwana ndiye kuti chabwino, koma pa pepala la boma lokhala ndi chiwerengero cha ndalama pambali ndi chindapusa. "Leave" akhoza kukhala tchuthi, akhoza kukhala chokani. Muziyang'ana pepala lonse, osati kabokosi kamodzi.

Ndi mapepala a boma ndiye musayerekeze n'komwe. Liwu loti "undesirable" foni ingakuuzeni kuti "wosafunika", inu n'kuganiza kuti ndi mwano chabe wa wapachipata. Ayi ndithu. Malinga ndi malamulo a South Africa a 2014, munthu wopyola masiku amene analoledwa kukhala m'dzikomo amatchedwa choncho potuluka, ndipo amaletsedwa kulowanso: chaka chimodzi ngati wapyola masiku osaposa 30, zaka 5 ngati wapyola kuposa pamenepo. Pepala lotere mukawerengetse kwa munthu wodziwa malamulo.

Tisanamizire makina okha, nafenso timalemba mwachidule mopweteketsa. "Mawa" ndi "m'mawa" ndi nthawi ziwiri zosiyana, koma pa foni timangolemba "mmawa" kapena "mawa" mosaganizira, bwana n'kukudikirani tsiku lolakwika. Lembani dzina la tsiku, deti ndi ola m'manambala. Choopsa kwambiri ndi kukana. M'Chichewa kukana kumabisala m'kati mwa liwu, pa zilembo ziwiri zokha. Ambiri timalemba "muzabwere" m'malo mwa "mudzabwere", ndipo kuchoka apo kufika pa "musabwere" ndi chilembo chimodzi. Mukalemba "sindinalipire", yang'anani ngati m'Chingerezi chatulukacho muli "not" kapena mawu othera ndi "n't". Ngati mulibe, musatumize, mwina mwangouza landilodi kuti munalipira kale.

Nanga za abale? Mukalemba kuti "wadwala", Chichewa sichinena ngati ndi mwamuna kapena mkazi, choncho makina amasankha okha pakati pa "he" ndi "she". Mupempha tchuthi kuti mayi adwala, uthenga wachiwiri ukuti "he", bwana wayamba kukuyesani wabodza. "Bambo aang'ono" akhoza kutuluka ngati bambo wochepa msinkhu. Nenani kuti mng'ono wa bambo anga, ndipo muzibwereza kutchula munthuyo m'chiganizo chilichonse, ngakhale zimveke ngati za mwana wa sitandade 2.

Pomaliza, inu okonda kumasulira kuchoka ku Chichewa kupita ku Chizulu, kapena ku Chipwitikizi mukamadutsa Tete: kawirikawiri makinawa amayamba adutsira ku Chingerezi, inu osaona. Ngati "mtengo" wasanduka wa mango pa ulendo woyamba, wachiwiri sungaubweze. Masulirani kaye kupita ku Chingerezi, muone ngati zili bwino, mukonze, kenaka Chingerezicho ndiye muchitembenuzire ku chinenero mukufunacho. Ndipo pa nkhani ya ndalama, muuzeni munthuyo alembe nambala pa foni panu, atchulenso ngati ndi marandi, mametikali kapena makwacha.