Momwe mungapezere anthu othandizana nawo pa msonkhano wa pa Zoom

Msonkhano wa pa intaneti ukatha, mayina onse amachoka pasikirini nthawi yomweyo, choncho amene akufuna kudziwana ndi anthu a ntchito yake ayenera kuyamba msonkhano uli mkati. Cholinga chikhale kupeza munthu mmodzi kapena awiri, pamodzi ndi chifukwa chomveka chowalembera mawa. Tiyerekeze kuti inu ndinu mlembi wa kopaletivi ya alimi a mtedza ku Mchinji, ndipo mwalowa msonkhano wokamba za chuku.

Choyamba, konzani dzina lanu. Ambiri amaoneka ndi dzina la foni yawo, ndipo palibe amene angafunefune munthu wotere pambuyo pake. Dinani Participants, pezani dzina lanu, sankhani Rename, kenako lembani dzina, ntchito ndi boma lanu. Ngati okonza msonkhano atseka mwayi umenewu, muzisaina uthenga uliwonse umene mwalemba.

Kenako tsegulani Chat, koma musanalembe yang'anani kumene uthengawo ukupita. Pa msonkhano wa mtundu wa Webinar, momwe otsogolera ochepa amayankhula ndipo ena onse amangomvera, omvera saona mndandanda wa anzawo ndipo sangalemberane paokha, komanso uthenga wopita kwa Hosts and panelists umawerengedwa ndi otsogolera okha. Ngati mwalemba ndipo palibe womvera aliyense amene wakuyankhani, onaninso ngati munasankha Everyone. Moni wokha sukwanira, chifukwa umakwiririka pansi pa moni wa anthu ena ambiri. Chimene chimakopa munthu woyenera ndi vuto lenileni, monga ili: "Alimi athu amaumitsa mtedza pansi ndipo ogula akutibwezera matumba chifukwa cha chuku. Alipo amene anayesapo njira ina yotsika mtengo?" Wina akayankha, lembani papepala dzina lake, bungwe lake ndi zimene wanena. Ine ndimaona kuti kuponya nambala ya foni pagulu si nzeru, popeza simudziwa onse amene akuwerenga. Ndi bwino kupempha imelo kwa munthu mmodzi amene mwagwirizana naye.

Mwayi waukulu uli m'timagulu ta Breakout Rooms, momwe anthu ochepa amapatsidwa mphindi zowerengeka kuti akambirane. Kawirikawiri mumayamba ndi chete, aliyense akudikira mnzake, ndipo nthawi imatha chomwecho. Yambani ndinu. Yatsani kamera pamene mukudzidziwitsa, ndipo ngati bando ikuchepa kapena netiweki ikuduladula, izimitseni mutafotokoza chifukwa chake. Nenani dzina, ntchito ndi vuto limodzi m'masekondi pafupifupi 20, kenako itanani wina potchula dzina lake. Mukadzipereka kukapereka lipoti la kagulu kanu, mumakhala ndi chifukwa chabwino chofunsira aliyense dzina ndi kumene akugwira ntchito, komanso msonkhano wonse umakumvani mukamafotokoza.

Apa m'pamene ambiri amataya mwayi. Wotsogolera akatseka timaguluti, nthawi zambiri Zoom imapereka masekondi 60 okha, ndipo masekondi amenewo sakwanira kufunsana ma imelo. Pemphani nkhani ili pakati: "Mayi, mwatchula zoumitsira mtedza pa thandala. Kodi ndingakulembereni kuti mundifotokozere bwino?" Zolembedwa m'kagulu zimaonedwa ndi a m'kagulu komweko basi, choncho zisungeni musanatuluke. Pa kompyuta pali Save Chat pa timadontho titatu ta mu Chat, ngati okonza aloleza, pamene pa foni njira yachangu ndi kujambula sikirini.

Uthenga wotsatira upite tsiku lomwelo kapena mawa lake, munthuyo akadakumbukira mawu anu. Ukhale ndi zinthu zitatu: kumene munakumana, zimene iye ananena, ndi pempho limodzi losavuta kuyankha. Mwachitsanzo: "Mayi, tinali limodzi m'kagulu pa msonkhano wa chuku dzulo, ndipo ndine mlembi wa kopaletivi ya ku Mchinji uja. Munanena kuti alimi anu amaumitsa mtedza pa thandala. Chonde, mungandithandizeko ndi chithunzi chake ndi miyeso yake? Ndakutumizirani mitengo ya mtedza ya kwathu kuno, monga munafunsira." Kupempha ntchito kapena thandizo la ndalama mu uthenga woyamba kumathawitsa munthu, ndipo uthenga wongoti "tiyeni tizilumikizana" suyankhidwa chifukwa mulibe funso.

Pakatha sabata imodzi osayankhidwa, kumbutsani kamodzi mwaulemu pa imelo yomweyo, ndipo akakhalabe chete musawavutitse. Mukagwirizana zoimbirana ndi munthu wa kunja, lembani nthawi pamodzi ndi zilembo CAT, zimene zimaimira nthawi ya kuno ku Malawi, chifukwa Malawi ali patsogolo ndi maola awiri pa nthawi ya GMT imene maiko amayerekezera nayo nthawi zawo, pamene Kenya ali patsogolo pa ife ndi ola limodzi.