Musanasiye QWERTY: momwe mungayesere Dvorak ndi Colemak pa mawu a Chichewa

Yang'anani mzere wapamwamba wa zilembo pa kiyibodi ya kompyuta yanu. Zilembo zisanu ndi chimodzi zoyambirira ndi Q, W, E, R, T, Y, ndipo dzina loti QWERTY linachokera pamenepo. Kasanjidwe kameneka anakapanga ndi Christopher Latham Sholes wa ku Milwaukee m'dziko la America, ndipo kanafala pamene kampani ya Remington inayamba kugulitsa makina ake otaipira mu 1874. Anthu ambiri sadziwa kuti kompyuta yomwe ali nayoyo ingathe kusanja zilembo mwa mtundu wina popanda kugula kanthu. Masanjidwe awiri otchuka ndi Dvorak ndi Colemak, ndipo amene anawazolowera amawatama kwambiri. Ine sinditsutsa kuti ndi abwino. Nkhawa yanga ndi yakuti onse awiri anawapangira Chingerezi, choncho munthu amene amalemba Chichewa tsiku lonse ayenera kuwayesa pa mawu ake asanataye miyezi akuphunzira.

Yambani ndi mzere wapakati

Munthu wotaipa ndi zala zonse amakhazika zala zake pa mzere wapakati, ndipo zikapita kumtunda kapena kumunsi zimabwereranso pomwepo. Mukasisita F ndi J mumva timizere totukuka, tomwe anaikira kuti zala zamkombaphala zizipeza malo ake inu osayang'ana. Mizere yapakati ya masanjidwe atatuwa ili chonchi:

```
QWERTY:  A S D F G H J K L ;
Dvorak:  A O E U I D H T N S
Colemak: A R S T D H N E I O
```

Pa QWERTY lembo la liwu lomwe lili pakati ndi A yekha. August Dvorak, yemwe ankaphunzitsa pa yunivesite ya Washington ku Seattle, pamodzi ndi mlamu wake William Dealey, anaika malembo a liwu onse asanu kudzanja lamanzere, ndipo makonsonanti ogwiritsidwa ntchito kwambiri anawaika kumanja. Chiphaso cha umwini wa kasanjidweka anachilandira mu 1936. Pa zilembo zonse, A ndi M okha ndi amene anatsala pamalo awo akale. Colemak ndi wa dzulodzuloli: Shai Coleman anamutulutsa mu 2006, ndipo anasuntha mabatani 17 okha. Z, X, C ndi V anazisiya pomwe zili kuti Ctrl+C ndi Ctrl+V zisasokonekere.

Yesani mawu anuanu papepala

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo simufunika kusintha kalikonse pa kompyuta. Tengani ndime imodzi yomwe munalemba posachedwa, musankhemo mawu khumi omwe amabwera kawirikawiri. Pa liwu lililonse funsani mafunso awiri: ndi zilembo zingati zomwe zili pa mzere wapakati, ndipo ndi kangati pamene chala chimodzi chikugunda zilembo ziwiri motsatizana. Funso lachiwirili ndilo lofunika kwambiri, chifukwa chala chimodzi chikamadumpha chokha zinazo zimangodikira.

Titenge liwu loti "nkhani". Pa QWERTY, K, H ndi A zili pakati, ndiye kuti zilembo zitatu mwa zisanu ndi chimodzi. Pa Dvorak ndi Colemak zilembo zisanu zili pakati, K yekha ndiye ali mmunsi. Mukawerenga choncho mungati awiriwa ndi ofanana, koma ayi. Pa Colemak, N, K, H, M ndi L zonse ndi za chala chamkombaphala cha kumanja. Choncho "nkh" mumamutaipa ndi chala chimodzi katatu motsatizana: N pakati, kutsika ku K, kukweranso ku H. Ganizirani mmene "nkhuku", "nkhope", "kukhala" ndi "mlendo" amachulukira m'zolemba zathu. M'Chingerezi zilembo zimenezi sizigundizana kawirikawiri, n'chifukwa chake wopanga Colemak sanaone vuto. Pa Dvorak "nkh" amayenda bwino: N ndi chala chamanja, K chamanzere, H chamanjanso china.

Dvorak amagwirizana ndi Chichewa pa chinthu china chachikulu. Maphatikizo athu amathera lembo la liwu, ndiye poti malembo a liwu ali kumanzere ndipo makonsonanti ambiri ali kumanja, manja amalandizana ngati anthu awiri osinja mumtondo umodzi. Yesani "madzulo" kapena "zabwino" mudzaona. Komabe naye ali ndi pogwera pake, ndipo ndi poipa. K ndi U onse ndi a chala chamkombaphala cha kumanzere. Tsono "ku" ali paliponse m'Chichewa: kudya, kupita, kumudzi, akubwera. Liwu loti "kukhala" limayamba ndi chala chimodzi kugunda K, U, K. QWERTY alibe vuto limeneli pa "ku", koma ali nalo pa "mu" ndi "nu", komanso pa "za", pomwe kachala kakang'ono ka kumanzere kamagwira Z ndi A komwe. Vuto la "za" lilinso pa Colemak.

A, yemwe timamugunda pafupifupi m'liwu lililonse, ali pa kachala kakang'ono ka kumanzere m'masanjidwe onse atatu. Ngati kachala kameneka ndi komwe kamakutopetsani madzulo, kusintha kasanjidwe sikukapumitsa.

Werengerani nthawi yomwe mudzabweze

Anthu amanena kuti Dvorak ndi wothamanga kwambiri. Umboni wake ndi wokayikitsa. Kafukufuku wa asilikali apamadzi a ku America mu 1944 anamutamanda, koma Dvorak mwiniwake panthawiyo anali mkulu m'gulu lomwelo la asilikali. Mu 1956 Earle Strong anachita kafukufuku wina m'malo mwa boma la America, ndipo anapeza kuti kuphunzitsanso otaipa pa Dvorak sikunapindule kuposa kungowapatsa maphunziro owonjezera pa QWERTY. Chomwe sichitsutsika n'chakuti zala zimayenda mtunda waufupi, ndipo ambiri amene anasintha amati amamva kupepuka m'manja.

Chitani masamu anu. Tiyerekeze kuti mumataipa mawu 50 pa mphindi ndipo patsiku mumalemba mawu 1,000. Zimenezo ndi mphindi 20 za kutaipa kwenikweni, nthawi yotsalayo mumakhala mukuganiza cholemba. Tinene kuti mwasintha n'kufika pa mawu 55. Mwapulumutsa mphindi zosakwana ziwiri patsiku. Ngati kuphunzirako kunakudyerani theka la ola tsiku lililonse kwa miyezi iwiri, ndiye maola 30, ndipo kuti muwabweze pafunika masiku ogwira ntchito pafupifupi 1,000. Ikani manambala anu m'malo mwa angawa. Kwa munthu wodziwa kale kutaipa osayang'ana pa QWERTY, liwiro lokha si chifukwa chokwanira chosinthira.

Nkhani ndi ina kwa munthu amene amajompha ndi zala ziwiri maso ali pa kiyibodi. Ameneyo adzapindula kwambiri akaphunzira kugwiritsa ntchito zala zonse, ndipo phindu lalikululo limabwera pa kasanjidwe kalikonse, ngakhale QWERTY yemweyo. Amene akumva dzanzi kapena kupweteka m'mikono ayambe waona kutalika kwa tebulo ndi mpando, ndipo zikapitirira apite kuchipatala.

Ngati mwasankha kuyesa, tsegulani kasanjidwe katsopano

Pa Windows 11 pitani ku Settings, kenako Time & language, kenako Language & region. Dinani timadontho titatu pambali pa English, musankhe Language options, kenako Add a keyboard. Pamndandandapo mupeza United States-Dvorak. Colemak anamuikamo kuyambira pa Windows 11 24H2, ndipo pa Windows yakale amafunika kumuika padera kuchokera pa colemak.com. Posinthasintha, gwirani batani la Windows ndi kudina batani lalitali lodumphitsa mawu. Pa Mac onse awiri ali mu System Settings, pansi pa Keyboard, pa Input Sources. Pa Linux yoyendera X11 lembani limodzi mwa malamulo awa, lomalizalo ndi lobwerera ku QWERTY:

```
setxkbmap us -variant dvorak
setxkbmap us -variant colemak
setxkbmap us
```

Musafufute QWERTY pamndandanda. Ndipo musanatseke kompyuta tsiku loyamba, dziwani komwe zilembo za pasiwedi yanu zapita. Ine ndinakhalapo m'mawa wina ndikulemba pasiwedi yolondola kangapo konse kompyuta n'kumakana, kufikira nditaona kachizindikiro ka kiyibodi pakona ya sikirini kakusonyeza kuti ndili pa kasanjidwe kena. Poti pasiwedi imaoneka ngati timadontho, simungaone kuti zilembo zikutuluka zina.

Kaphunziridwe kake

Musazule mabatani kuti muwasanjenso, ndipo musamate timapepala ta zilembo. Mukatero maso azolowera kuyang'ana pansi, komanso timizere ta pa F ndi J tichoka pamalo pake. Jambulani kasanjidweko papepala n'kulimata pambali pa sikirini.

Masiku oyamba khalani pa mzere wapakati wokha, mphindi 15 kapena 20, kawiri patsiku. Pa Dvorak mungalembe "anthu", "tsono", "ndani" ndi "nsanasana" osachoka pamzerewo. Pa Colemak yesani "ndine", "tsono" ndi "ndani". Keybr.com amawonjezera chilembo chimodzichimodzi mukadziwa zoyambazo, koma mawu ake si a Chichewa, choncho mukadziwa zilembo zonse pitani pa monkeytype.com, musankhe custom, muikemo ndime yanu yomwe munayesera papepala ija. Kulondola kukatsika pansi pa 95 peresenti, chepetsani liwiro, chifukwa zala zimasunga zolakwika mofanana ndi mmene zimasungira zolondola.

Yembekezani kuti sabata zoyambirira zidzakhala zowawa, uthenga wa mizere iwiri udzakutengerani nthawi mpaka kupsa mtima. Musayambe pamene muli ndi lipoti lofunika msanga kapena mayeso. Pa Dvorak samalani ndi Ctrl+V: V ali pomwe pali mpumiro pa QWERTY, ndipo woyandikana naye ndi W. Chala chikaterereka pang'ono mwagunda Ctrl+W, ndipo tsamba lomwe mumalembamo latsekeka.

Palinso nkhani ya makompyuta a anthu ena. Ngati ku ofesi mumasinthana kompyuta imodzi, kapena mumakataipa kusukulu ndi ku intaneti kafe, kulikonse mukapeza QWERTY. Zala zikazolowera kasanjidwe katsopano zimayamba kuiwala kakale, pokhapokha muzitaipako QWERTY mphindi zochepa tsiku lililonse. Pa foni palibe chifukwa chosinthira, popeza zala zazikulu ziwiri zilibe mzere wapakati wokhalapo.

Lembani liwiro lanu la QWERTY musanayambe, pogwiritsa ntchito ndime ya Chichewa ija. Pakatha milungu inayi yesaninso ndime yomweyo pa kasanjidwe katsopano, kenako pakatha milungu isanu ndi itatu. Ngati liwiro likukwerabe ndipo madzulo manja akupepuka, pitirizani. Ngati laima pansi pa lakale ndipo chala chamkombaphala chikukakamira pa "ku" kapena "nkh", bwererani mu Language options n'kuchotsa kasanjidweko pamndandanda.