Momwe mungawerengere intigiralo ya e^(−x²) pomwe fomula yake kulibe

Ndili chaka choyamba ku koleji ndinatha usiku wonse ndi mapepala asanu ndikulimbana ndi ∫ e^(−x²) dx. M'mawa ndinali ndi yankho lomwe ndinkalinyadira, −e^(−x²)/(2x). Mnzanga wa m'chipinda anangoti, "Aise, tabwezera ndi derivetivu tione." Nditabweza panatuluka e^(−x²) ndithu, koma ndi kachidutswa kena kotsalira, e^(−x²)/(2x²). Ndinali nditaitenga x ya pansiyo ngati nambala yokhazikika, chonsecho imasintha.

Ngati nanunso mwakakamira pa samuyi, lekani kusaka. Yankho lolembeka ndi mafankishoni a m'kalasi, monga mphamvu za x, mizu, e^x, logi, sin ndi cos, ngakhale mutawaphatikiza chotani, kulibe. Intigiraloyo payokha ilipo, pakuti e^(−x²) ndi mzere wosalala wooneka ngati belu ndipo malo a pansi pake ndi oyezeka. Chomwe chikusowa ndi njira yoilembera ndi zipangizo zimenezo kangapo kowerengeka basi.

Yambani mwadzitsimikizira nokha kuti kulibedi

Katswiri wa masamu wa ku France, Joseph Liouville, ndi amene anaonetsa chifukwa chake m'zaka za m'ma 1830. Umboni wa lamulo lake lonse ndi wautali, koma chomwe limanena pa samu yathuyi ndi chachifupi: ngati intigiralo ya e^(−x²) ingalembeke ndi mafankishoni wamba, ndiye kuti ingalembekenso ngati R(x)·e^(−x²), pomwe R ndi polinomiyo kapena polinomiyo yogawidwa ndi inzake. Khomo lina palibe. Tsono ntchito yatsala ndi kuona ngati R wotere angapezeke.

Tengani derivetivu ya R·e^(−x²). Mupeza (R′ − 2xR)·e^(−x²). Kuti izi zifanane ndi e^(−x²), pafunika kuti R′ − 2xR = 1.

Tiyese kaye polinomiyo. Ngati mphamvu yake yaikulu ndi n, kuchulukitsa ndi 2x kuikweza kufika pa n + 1, pomwe derivetivu imaitsitsa kufika pa n − 1. Chidutswa chokhala ndi mphamvu n + 1 chilibe mnzake woti afafanizane naye, ndiye kumanzereko kutsala x, pomwe kumanja kuli 1 yekha. Yesani R = ax + b muone: mupeza a − 2ax² − 2bx, zomwe zikukakamizani kuti a ndi b akhale 0, ndipo mutsala ndi 0 = 1.

Nanga yokhala ndi chogawira pansi? Tinene kuti pansipo pali (x − c)^m yomwe siifafanizika ndi za pamwamba. Derivetivu imakweza mphamvu ya pansiyo kufika pa m + 1, koma 2xR siipitirira m. Pafupi ndi c, R′ imakula mwamsanga kuposa 2xR, choncho kusiyana kwawo sikungakhale 1. Ndi msampha womwewu umene unandigwira ine: R wanga anali −1/(2x), ndipo derivetivu yake ndi imene inabala 1/(2x²) uja. Makomo onse awiri atsekeka.

Muonenso chifukwa chake ∫ x·e^(−x²) dx imatheka mosavuta. Kumanja kumakhala x m'malo mwa 1, ndipo R = −1/2 akwanira. Ka x kamodzi kokhako ndi kamene kasiyanitsa samu ya mphindi imodzi ndi samu yosatheka.

Lembani yankho ndi erf

Anthu a masamu anangoipatsa dzina intigiraloyi. erf(x) ndi (2/√π) kuchulukitsa ndi intigiralo ya e^(−t²) kuchokera pa 0 kufika pa x. Choncho yankho lovomerezeka ndi (√π/2)·erf(x) + C. Ena amati uku ndi kuzemba, koma ine sindikuona choncho. Nayo ln x ndi dzina lomwe tinapatsa intigiralo ya 1/x, kungoti tinaizolowera chifukwa ili ndi batani pa kakyuleta.

Pa Excel lembani =SQRT(PI())/2*ERF(1). Pa Python ndi chonchi:

```python
from math import erf, pi, sqrt
print(sqrt(pi)/2 * erf(1))
```

Zonse zikupatsani 0.746824, malo a pansi pa belu kuchokera pa 0 kufika pa 1. Mukaona 0.8427, mwaiwala √π/2 ija, yomwe ndi 0.886227. A sitatisitiki achenjere pena: belu lawo ndi e^(−z²/2), ndiye mwayi woti z igwere pakati pa −1 ndi 1 ndi erf(1/√2) = 0.6827, osati erf(1).

Mukakhala ndi cholembera ndi kakyuleta basi

Tambasulani e^(−x²) kukhala 1 − x² + x⁴/2 − x⁶/6 + x⁸/24 − …, kenako chidutswa chilichonse muchite intigiralo pachokha. Mupeza x − x³/3 + x⁵/10 − x⁷/42 + x⁹/216 − x¹¹/1320 + … Mndandandawu sutha, n'chifukwa chake sukutsutsana ndi Liouville.

Ikani x = 1 ndi kumaphatikiza pang'onopang'ono. Kuchotsa 1/3 pa 1 kupereka 0.666667, kuonjezera 1/10 kufika 0.766667, kuchotsa 1/42 kutsikira pa 0.742857. Mukapitiriza mupeza 0.747487, kenako 0.746729, ndipo mukaonjezera 1/9360 mufika pa 0.746836. Manambalawa akudumpha uku ndi uku ngati akuzinga nyama, ndipo yankho lenileni lili pakati pa awiri otsatizana alionse. Ubwino wake ndi woti mumadziwa polekera: popeza zidutswa zikusinthana zizindikiro ndipo zikucheperachepera, kuphonya kwanu sikuposa chidutswa choyamba chomwe mwasiya. Pano chotsatira ndi 1/75600, cha m'ma 0.000013, ndipo 0.746836 yathu yasiyana ndi 0.746824 ndi 0.000012.

Njira ya Simpson nayo ikufikitsani pafupi: mukagawa 0 mpaka 1 magawo anayi mupeza 0.746855.

Pomwe mndandanda umakutayani

Pa pepala mndandanda uja umagwira pa x aliyense, koma pa kakyuleta ayi. Ikani x = 5. Zidutswa zimayamba zakula kaye mpaka kufika mamiliyoni mazanamazana zisanayambe kutsika, ndipo zimafafanizana kuti patsale kanambala kosafika 1. Kakyuleta yosunga madijiti 10 imathera pafupifupi onsewo pa manambala aakuluwo, n'kukusiyirani zinyalala. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: kuchokera pa 0 kupita kumanja, yankho silingapose 0.886227, chifukwa belu lonse, mbali zonse ziwiri, ndi √π = 1.772454 ndipo theka lake ndi limenelo. Mukapeza choposa pamenepo, kapena chochepera 0, dziwani kuti madijiti atha.

Pa x wamkulu werengani mchira, kuchokera pa x kupita kosalekeza, ndipo muuchotse pa 0.886227. Pa kompyuta mchirawo ndi (√π/2)·erfc(x), pomwe erfc(x) ndi fankishoni yowerengera 1 − erf(x) mwachindunji. Musalembe 1 − erf(x), chifukwa pa x = 6 Python imaona erf ngati 1 ndendende n'kukupatsani 0, pomwe erfc(6) imasungabe kanambala kake ka m'ma 2 × 10^(−17).

Pa dzanja, mchirawo uli pafupi ndi e^(−x²)/(2x), yankho langa lolakwa lija mutachotsa chizindikiro. Kachidutswa kotsalira kaja ndi 1/(2x²) ya fankishoni yeniyeniyo, ndiye x akamakula kamazilala. Pa x = 3 fomulayi ikupereka 0.0000206 pomwe mchira weniweni ndi 0.0000196, kupitirira ndi 5 pa 100 alionse. Pa x = 1 musaiyese: ipereka 0.184 m'malo mwa 0.139.